Botolo likatha ntchito, ndani alipire? Mmene lamulo la EPR likugwirira ntchito ku Britain

Mu Okutobala 2025, makampani akuluakulu a ku Britain amene amagulitsa katundu wa m'mabotolo, m'zitini, m'mapaketi ndi m'makatoni analandira mainvoisi a mtundu umene anali asanauonepo. Sanali a katundu amene anagula, kapena a msonkho wa phindu. Anali a zinyalala. Bungwe la boma lotchedwa PackUK linatenga kulemera kwa zopakira zimene kampani iliyonse inatulutsa pamsika m'chaka cha 2024, n'kuchulukitsa ndi mtengo wa tani imodzi, n'kutumiza ngongoleyo. Ndalama zonse pamodzi zimapitirira mapaundi 1 biliyoni pa chaka, ndipo zimapita kumakhonsolo amene amatolera zinyalala m'makomo.

Dongosolo limeneli limadziwika ndi zilembo zitatu, EPR, ndipo mfundo yake ndi yachidule: amene watulutsa chopakira pamsika, udindo wake sutha pamene wogula walipira patilo. Umapitirira mpaka chopakiracho chitatoleredwa, kusankhidwa, kukonzedwanso kapena kutayidwa. Ganizoli si latsopano. Katswiri wa ku Sweden, Thomas Lindhqvist, analilemba mu lipoti la boma la kwawo mu 1990, ndipo dziko la Germany linakhazikitsa lamulo la zopakira mu 1991. Ife kuno tili ndi chinthu chofananako chimene tinakula nacho: botolo la zakumwa lobweza kugolosale, lija limabwerera kufakitale m'kireti kuti likatsukidwe ndi kudzazidwanso. Pamenepo mwini chakumwa amatsatira yekha botolo lake. EPR imati zopakira zina zonse, zimene sizibwerera, mwini wake azitsatire ndi ndalama.

Ndasankha kufotokoza za ku Britain chifukwa mitengo yawo ili poyera, ndipo munthu akhoza kukhala pansi n'kuwerengera yekha. Komanso tiyi, khofi, mtedza ndi tsabola wa kuno zimafika m'mashopu a kumeneko, zina zitapakidwa kale. Amene amapanga chopakira ku Blantyre kapena ku Lusaka salandira invoisi ya PackUK, koma mafunso a amene wailandirayo amamupeza ndithu.

Funso loyamba, lomwe limasokoneza ambiri, ndi lakuti wolipira ndani. Dzina la lamuloli limanena za wopanga, ndiye munthu amaganiza kuti ndi fakitale youmba mabotolo kapena yosindikiza mapaketi. Nthawi zambiri si choncho. Woyamba kugwidwa ndi mwini dzina limene lalembedwa pachopakiracho, ngati kampani yake ili ku Britain. Supamaketi ikauza fakitale ina kuti iipangire jamu n'kuikapo dzina la supamaketiyo, ngongole ya botolo ndi ya supamaketi. Chopakira chikakhala chopanda dzina, udindo umagwera amene anathiramo katundu. Katundu akachokera kunja atapakidwa kale, ndipo mwini dzina alibe kampani ku Britain, wolipira ndi amene wamuitanitsa. Ndiye munthu wochokera ku Malawi amene ali ndi kampani ku Leicester kapena ku Manchester, n'kumaitanitsa zakudya za kwawo, pamaso pa lamuloli amatengedwa ngati wopanga, ngakhale sanaumbepo botolo chibadwire.

Nanga opanga zopakira enieniwo? Iwo amalowa pakhomo lina. Fakitale kapena woitanitsa akagulitsa zopakira zopanda kanthu kwa kampani yaikulu, kampani yaikuluyo ndi imene imalipira. Koma akagulitsa kwa abizinesi ang'onoang'ono amene sanafike pa mlingo wolipira, monga malesitilanti, ophika makeke kapena opanga uchi ochepa, ngongole imabwerera kwa wogulitsa zopakirayo. Cholinga chake n'chakuti chopakira chilichonse chikhale ndi mwini mmodzi wochilipirira, osati awiri, komanso chisasowe mwini. Izi zikutanthauza kuti wopanga mabotolo ayenera kudziwa kasitomala wake aliyense kuti ndi wamkulu kapena wamng'ono pamaso pa lamulo, n'kusunga umboni wake. Katundu yemweyo, wochokera m'makina amodzi tsiku limodzi, theka lake akhoza kukhala ngongole ya fakitale ndipo theka lina ngongole ya wogula.

Mlingo wake uli pawiri, ndipo zonse ziwiri ziyenera kukwanira: ndalama zimene kampani imagulitsa pa chaka, ndi kulemera kwa zopakira zake. Kampani yogulitsa zinthu za mapaundi 2 miliyoni kapena kuposa, yomwenso imatulutsa zopakira zoposa matani 50, imatchedwa yaikulu. Imeneyi imalembetsa, imapereka ziwerengero zake kawiri pa chaka, mu Epulo ndi mu Okutobala, ndipo imalipira. Kampani yopitirira mapaundi 1 miliyoni ndi matani 25, koma yosafika pa mlingo waukuluwo, imalembetsa ndi kupereka ziwerengero kamodzi pa chaka, koma ndalama ya zinyalala silipira. Wochepera pamenepo lamulo silimukhudza. Amene amayendera ndi kufufuza ndi mabungwe oona za chilengedwe, monga Environment Agency ku England ndi SEPA ku Scotland.

Tsopano tione mitengo ya chaka choyamba, cha 2025 mpaka 2026. Tani imodzi ya pulasitiki inali mapaundi 423, ya galasi 192, ya pepala ndi katoni 196, ya aluminiyamu 266, ya chitsulo cha zitini 259, ya matabwa 280. Yodula kuposa zonse inali ya mapaketi a pepala lomatidwa ndi pulasitiki, ngati aja a mkaka ndi juwisi, mapaundi 461. Munthu akangoona mndandandawu amaganiza kuti galasi ndiye lotchipa. Tiyeni tiwerengere kuti tione ngati zili choncho.

Tiyerekeze kuti kampani ina ya ku Britain, yomwe malonda ake amapitirira mapaundi 2 miliyoni, imaitanitsa mabotolo 400,000 a tsabola wa kambuzi pa chaka kuchokera ku Malawi. Manambala a katunduyu ndi ongoyerekezera, koma mitengo ndi yeniyeni. Botolo la galasi lopanda kanthu likulemera magalamu 180. Chitsekero chake cha pulasitiki ndi magalamu 3. Mabotolowa amaikidwa 12 m'katoni imodzi yolemera magalamu 200.

Galasi lonse likukwana matani 72. Pa mtengo wa mapaundi 192, ngongole yake ndi mapaundi 13,824. Zitsekero zonse ndi tani imodzi ndi makilogalamu 200, zomwe pa mtengo wa 423 zikupereka mapaundi 508. Pamodzi ndi mapaundi pafupifupi 14,330, kapena kuti mapeni atatu ndi theka pa botolo lililonse. Kapepala ka dzina komatidwa pabotolo nakonso kali ndi kulemera kwake koyenera kulembedwa, ngakhale ndalama yake ndi yochepa.

Tsabola yemweyo akaikidwa m'botolo la pulasitiki la magalamu 25, pulasitiki wa mabotolo akukhala matani 10, ndipo ngongole yake ndi mapaundi 4,230. Kuphatikiza zitsekero zija, ndi mapaundi 4,738, komwe ndi peni imodzi ndi kakusefukira pa botolo. Choncho galasi, lomwe mtengo wake pa tani sufika theka la wa pulasitiki, likudula katatu pa botolo, chifukwa ndi lolemera kasanu ndi kawiri. Palinso china. Matani 72 a galasi paokha akuikweza kampaniyo pamwamba pa mlingo wa matani 50. Ikanakhala kuti imagulitsa tsabola yekhayu m'pulasitiki, zopakira zake zonse, makatoni omwe, zikanakwana matani 18 okha, ndipo lamulo silikanaikhudza n'komwe.

Apa ndi pamene ndikuona kuti dongosololi lili ndi chilema chenicheni. Opanga magalasi ku Britain, kudzera m'bungwe lawo la British Glass, akhala akudandaula kuti kulipiritsa potengera kulemera kukukankhira makampani ku pulasitiki, pamene galasi limasungunulidwa mobwerezabwereza osatha mphamvu. Dandaulo lawo ndi lomveka. Mbali inayo nayo ili ndi mfundo: lole ya khonsolo imanyamula kulemera, ndipo galasi limadya moto wambiri poliumba. Koma wopanga katundu sayenera kuthamangira pulasitiki chifukwa cha masamu a chaka chimodzi. Mitengoyi imawerengedwanso chaka ndi chaka, ndipo pulasitiki ali ndi msonkho wake wapadera, womwe unayamba mu Epulo 2022 pa mapaundi 200 pa tani, wokhudza chopakira chilichonse chimene pulasitiki wokonzedwanso safika magawo 30 pa 100 alionse.

Makatoni aja, omwe ndi matani pafupifupi 7, sindinawaike pa ngongole mwadala. Ndalama ya PackUK imalipirira zinyalala za m'makomo zokha, chifukwa ndi zimene khonsolo imatolera. Katoni yonyamulira mabotolo 12 imatsegulidwa kuseri kwa shopu, ndipo shopuyo imalipira yokha oitolera. Chimodzimodzi paleti ndi pulasitiki wokulungira paletiyo. Zonsezi zimayezedwa ndi kulembedwa, zimawerengedwa pa mlingo wa matani uja, komanso zimalowa m'dongosolo lakale la 1997, lomwe lidakalipo, loti makampani akuluakulu azigula ziphaso zotchedwa PRN kwa okonzanso zinyalala monga umboni woti gawo la zopakira zawo lakonzedwanso. Koma ndalama ya zinyalala za m'makomo siziperekedwa pa izo. Katoni yomweyo ikagwiritsidwa ntchito potumiza katundu kunyumba ya munthu amene wagula pa intaneti, nkhani imasintha, pakuti tsopano ikathera m'bini ya panyumba.

Kusiyanitsa za m'makomo ndi za kubizinesi ndi pamene pali mikangano yambiri. Lamulo limayamba ndi kuganiza kuti chopakira chilichonse chimene chakhudza katunduyo mwachindunji, monga botolo, chikathera panyumba. Kampani ikafuna kunena kuti ayi, mabotolo awa anapita kumahotela, iyenera kuonetsa umboni woti inagulitsa yokha kwa bizinesi imene inagwiritsa ntchito katunduyo. Katundu akadutsa kwa wogulitsa mopikulitsa, umboniwo umasokonekera, ndipo botolo limawerengedwa ngati la panyumba. Eni mabala anadandaula kwambiri ndi zimenezi, poti amalipira kale makampani owachotsera mabotolo, koma mtengo wa mowa umabweranso ndi ndalama ya EPR mkati. Kwa woitanitsa tsabola uja, phunziro lake ndi la m'mabuku a malonda: invoisi iliyonse ionetse amene wagula ndi mtundu wa bizinesi yake, apo ayi alipirira katundu amene khonsolo sinamukhudze.

Kodi mtengo wa tani umachokera kuti? Boma limawerengera ndalama zimene makhonsolo onse amawononga potolera ndi kusamalira mtundu umodzi wa zinyalala, tinene galasi, n'kuzigawa ndi matani onse a galasi amene makampani anena kuti anatulutsa. Kawerengedwe kameneka kali ndi zotsatira zimene wabizinesi aliyense ayenera kuzimvetsa. Kampani ina ikabisala osalembetsa, kapena ikanena matani ochepa, ndalama zofunikazo sizitsika, ndiye otsalawo amagawana katundu wolemerapo. Amene akuzemba sakubera boma kwenikweni, akubera anzake opikisana nawo pamsika. N'chifukwa chake makampani olembetsa amakhala patsogolo kupempha kuti ozemba afufuzidwe, ndiponso n'chifukwa chake misika ya pa intaneti inapatsidwa udindo wolipirira zopakira za ogulitsa a kunja amene amatumiza katundu kudzera mwa iwo.

Chaka choyamba, pulasitiki aliyense analipira mtengo umodzi, kaya ndi wosavuta kukonzanso kaya ndi wosatheka. Kuyambira chaka cha 2026 mpaka 2027, chopakira chilichonse chimapatsidwa mtundu: wobiriwira, wachikasu kapena wofiira. Wobiriwira ndi wa chinthu chimene chimatoleredwa m'madera ambiri, makina amatha kuchisankha, ndipo pali fakitale yochikonzanso. Wofiira ndi wa chinthu chimene chimalephera penapake pa ulendo umenewu. Chofiira chimalipira mtengo wapakati kuchulukitsa ndi 1.2 chaka choyamba, 1.6 chaka chotsatira, kenako kawiri. Ndalama yowonjezerayo imatsitsa mtengo wa zobiriwira. Ndipo chopakira chimene kampani sinachiunike chimatengedwa ngati chofiira.

Kuti timvetse chimene chimapangitsa chinthu kukhala chofiira, tilowe m'nyumba yosankhira zinyalala. Zinyalala zimathamanga palamba, ndipo pamwamba pake pali makina owalitsa kuwala kosaoneka ndi maso. Mtundu uliwonse wa pulasitiki umabweza kuwalako mwa njira yake, makina amauzindikira, n'kuuwombera ndi mpweya kuti udumphire m'khola lake. Pulasitiki wakuda wothiridwa utoto wa kaboni amameza kuwala konse, sabweza kanthu. Makina samuona, ndiye amadutsa limodzi ndi zotsala n'kukawotchedwa kapena kukwiriridwa, ngakhale atakhala pulasitiki wabwino. Paketi yonyezimira ya khofi ili ndi vuto lina: ndi mapepala angapo a pulasitiki wosiyana ndi kachitsulo kopyapyala, zomatidwa pamodzi moti palibe angazilekanitse. Imasunga fungo la khofi bwino kwambiri, ndipo ndi chifukwa chake ogulitsa amaikonda, koma ikatha ntchito palibe woigula. Apa ndi pamene wopanga zopakira ali ndi mphamvu kuposa wina aliyense, chifukwa utoto, guluu ndi kuchuluka kwa zomatira zimasankhidwa m'fakitale mwake, osati m'sitolo.

Zolakwika zambiri zimene zimadyetsa makampani ndalama si za kusadziwa lamulo ayi, ndi za sikelo. Woitanitsa amalemba kulemera kumene wapatsidwa papepala ndi fakitale, pamene fakitaleyo inasintha chikombole cha botolo chaka chatha osasintha pepalalo. Pa mabotolo 400,000 aja, kuphonya ndi magalamu 10 okha ndi matani 4, omwe ndi mapaundi 768 pa chaka, olipiridwa pachabe kapena obisidwa mosadziwa. Ena amaika paketi yonse pasikelo n'kuilemba ngati chinthu chimodzi, pamene botolo ndi chitsekero ziyenera kulembedwa padera, chilichonse pa mtundu wake. Ena amawerengera katundu amene anadutsa m'nyumba yawo yosungira n'kutumizidwanso kunja kwa Britain, yemwe sayenera kulipiridwa. Njira yodzifufuzira ndi yosavuta: tengani mabotolo khumi opanda kanthu kuchokera m'makatoni osiyana, ayezeni pasikelo ya magalamu, gawani ndi khumi, kenako yerekezani ndi zimene zili papepala. Chulukitsani ndi chiwerengero cha m'mabuku a malonda, muone ngati chikugwirizana ndi cha m'mapepala a kasitomu. Zikasiyana, woyendera adzaziona ngati mmene mwazionera inu. Mapepala onsewa amasungidwa zaka 7. Makampani ambiri amalemba ntchito mabungwe othandiza, monga Valpak, kuti aziwaperekera ziwerengero, koma bungwelo limangotumiza manambala amene lapatsidwa.

Pali zinthu ziwiri zimene zimatsitsa ngongole mwachilungamo. Choyamba ndi kupepukitsa: botolo la magalamu 150 m'malo mwa 180 likuchotsa matani 12 ndi mapaundi 2,304 pa chitsanzo chathu, bola lisamasweke panjira ya ku Beira kapena ku Nacala, chifukwa kontena ya tsabola wotayika ndi yodula kuposa EPR ya chaka chonse. Chachiwiri ndi kubwereza: chopakira chogwiritsidwa ntchito kambirimbiri chimalipiridwa kamodzi kokha, pamene chatuluka koyamba. Mabotolo a PET a zakumwa ndi zitini za zakumwa sizili pa ndalama imeneyi, chifukwa zikudikira dongosolo lake la dipoziti lomwe lakonzedwa kuyamba mu Okutobala 2027.

Zimenezi si za ku Ulaya kokha. Dziko la South Africa linayamba kugwiritsa ntchito malamulo ake a EPR mu Meyi 2021, ndipo kumeneko mlingo wa zopakira ndi matani 10 okha pa chaka. Kusiyana kwake kwakukulu n'kwakuti ndalama sizipita kuboma koma kumabungwe okhazikitsidwa ndi makampani eni ake, monga PETCO wa mabotolo a pulasitiki, ndipo lamulo limatchula otola zinyalala a m'misewu ndi a kumtaya kuti azilipidwa pa ntchito yawo. Zambia inakhazikitsa malamulo ake mu 2018, pansi pa bungwe la ZEMA. Ku Malawi chida chimene anthu amachidziwa kwambiri ndi kuletsa mapulasitiki opyapyala ochepera mamaikuloni 60, komwe ndi njira ina: kuletsa kumachotsa chinthu chimodzi pamsika, pamene EPR imalola chinthucho koma imachiika mtengo. Dziko lofuna kutengera EPR liyenera kukumbukira kuti dongosolo la ku Britain lakhazikika pa makhonsolo amene amafika kale pakhomo lililonse ndi lole. Kumene lole sifika, funso loti ndalamazo alandire ndani ndi lovuta kuposa loti alipire ndani, ndipo pamenepo njira ya ku South Africa ndi imene ili pafupi ndi mmene zinthu zilili kuno.

Kwa fakitale ya kuno imene imatumiza katundu wopakidwa kale, chofunika lero ndi pepala limodzi la katundu aliyense, lokonzedwa wogula asanalifunse. Lionetse chidutswa chilichonse cha chopakira pachokha: botolo, chitsekero, kapepala ka dzina, katoni, chokulungira paleti. Pambali pa chilichonse palembedwe kulemera kwake m'magalamu, mtundu weniweni wa chinthucho, monga PET, HDPE kapena PP osati kungoti pulasitiki, utoto wake, guluu wake, gawo la zokonzedwanso zimene zilimo, ndi tsiku limene chinayezedwa. Zambiri mwa izi woumba mabotolo ndi wosindikiza mapaketi ndi amene amazidziwa, ndiye ziyenera kufunsidwa pogula, zilembedwe mu mgwirizano, pamodzi ndi lonjezo loti akasintha chikombole kapena utoto adzanena. Woitanitsa amene alibe pepala limeneli amalipira mtengo wa zofiira, ndipo ndalama imeneyo adzaichotsa pa mtengo umene akupereka kwa wopanga tsabola, kapena adzapita kwa wina amene ali ndi manambala ake okonzeka.